Nsalu ya Chipani Papaipi ya Madzi Otentha

M'masiku a chipani chimodzi ndinkakonza mipope pa kachipatala kena ka mishoni kumapiri a Ntchisi. Padenga la chipinda cha amayi oyembekezera tinaikapo galasi lotenthetsa madzi ndi dzuwa, thanki ili chakumtunda kwake. Madzi ozizira ankalowera pansi pa thanki n'kutsikira m'galasimo. Akatentha ankakwera okha kubwerera m'thanki, bola paipi ikhale yokwera njira yonse.

Tsiku lina anyamata a chipani anamangirira chinsalu cha msonkhano papaipi ya madzi otenthayo. Mvula inachinyowetsa, chinalemera, paipi n'kupindikira pansi. Mpweya unatsekeka m'katimo ndipo madzi analeka kuzungulira. Dzuwa litafika paliwombo, m'galasi munayamba kuwira ndi kugunda.

"Bambo, galasili liphulikira amayiwa," anandinong'oneza anamwino.

Tonse tinkadziwa kuti nsalu ya chipani sagwira munthu wamba. Komabe ndinakwera, ndinaphimba galasi ndi masaka, ndinamasula nsaluyo n'kuwongola paipi.

Potsika ndinapeza atcheyamani a chipani ataima pafupi ndi makwerero. Sanakalipe ayi. Anangondifunsa mwaulemu kuti kwathu n'kuti, nanga ana ndili nawo angati.