Tambula Imene Sindinakweze

Paukwati wa Tadala, mwana wamkazi wa mlongo wanga, ku Balga, kuno kutsidya kwa nyanja, mnzake wapamtima wa mkwati analankhula m'Chivietinamu. Anatchula dzina langa n'kugwada pansi, holo yonse kufa nako kuseka. Ndinati basi, akundinena awa. Onse atawerenga mpaka katatu n'kukweza matambula mokuwa, ine ndinapinda manja, foni ikujambula pansi pa tebulo.

Lolemba ndinapatsa foniyo Minh, mnzanga wakuntchito ku Kwinana amene amamva Chivietinamu, kuti amvere.

"Wayamba ndi kulonjera akuluakulu a mabanja onse awiri," anatero. "Kenako akuti mkwati ankakuopani, ankayeserera kukugwadirani mpaka thalauza linang'ambika. Wamaliza powafunira zaka zana zachimwemwe."

"Palibe chimene ukundibisira?"

"Chilipo, achimwene. Mawu anu akumvekanso. Mukutukwana."