Dimba Limene Linatsala Pang'ono Kusanduka Njerwa

Anthu amamutchula kuti Nakope, chifukwa cha kope la ana asukulu limene amayenda nalo m'thumba la pulasitiki. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma mwini wake analilandira ndi manja awiri. Ndi mayi wamfupi, wa mawu okweza, woti akamakupatsani moni mumayesa akukukalipirani. Masiku ano ali ndi antchito awiri, ndipo Lolemba ndi Lachinayi lililonse njinga zitatu zimatuluka m'dimba mwake zitasenza masamba. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo analibe ngakhale kheni yachiwiri yothiririra.

Dimbalo anasiya ndi malemu bambo ake. Ndi kamalo kakang'ono m'mbali mwa khwawa, koti munthu ataima kumtunda n'kuponya mwala ungagwere kwa eni ake. Nakope ankalima tomato m'menemo chaka ndi chaka, ndipo pa tomato panalibe womuposa. Akakolola, ndalama zinkabwera zambiri tsiku limodzi, iye n'kuzimanga pansalu, n'kumayenda ngati wagula msika wonse. Pakatha milungu itatu mfundo ija inkakhala itaphwa. Nthawi yofesa ikakwana ankapita kukapempha ya mbewu kwa mwamuna wake, yemwe amakonza njinga pansi pa mtengo pamphambano.

Tsiku lina mvula itangosiya kunabwera achimwene ake, amene ankayang'anira zonse zimene bambo anasiya. Sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Chemwali, woumba njerwa uja walikonda dothi la kudimba. Akuti apereka 120 sauzande, aumbe zaka ziwiri."

"Achimwene, akachoka iyeyo mutsala chiyani? Si maenje okhaokha? Ine ndidzalima m'dzenje?"

"Nanga pano ukupezamo chiyani? Zaka zonsezi, tandionetsa ngakhale mpando umene unagula ndi tomato wakoyo."

Mpandowo kunalibedi. Achimwene sanali munthu woipa mtima, anali ndi mwana wamkazi woti chaka chotsatira ayambe sekondale, ndipo fizi inkawasowetsa tulo. Atamuona mlongo wawo akugwetsa misozi, anamupatsa chaka chimodzi. Mvula ina ikadzatha dimba lisanaonetse phindu, woumba njerwa adzalowa.

Amene anamuthandiza ndi munthu amene Nakope sankamuyembekezera n'komwe. Panali mayi wina wopikula ndiwo zamasamba, yemwe alimi ankamutcha Amayi a Sikelo, wouma pa mtengo ngati fupa. Atamva nkhaniyo pamsika, anamukokera kuseri kwa benchi yawo.

"Asisi, dengu limodzi la tomato limakudyerani zingati kuti lifike pano?"

"Aaa, ndani amawerenga zimenezo? Ine ndimangoona kuti ndagulitsa."

"Ndiye mwakhala mukundilimira ine ulere. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

Nakope anapsa mtima, koma mayiwo anangoseka, n'kutenga kope latsopano m'chikwama chawo, n'kulemba mzere pakati pa tsamba. Kumanzere zotuluka, kumanja zolowa, mbewu iliyonse ndi tsamba lakelake. Anamuuza kuti alembe chilichonse tsiku lomwelo, ngakhale chingwe chomangira tomato. Masamba othyolera pakhomo alembedwe pa mtengo wa kumsika. Thukuta lake nalonso alipatse mtengo, ngati mmene angalipirire waganyu. Ndipo malowo asawayese aulere, mwezi uliwonse azipatula kangachepe ka lendi, ngakhale palibe amene wamuitanitsa.

"Mukundithandiziranji?" anafunsa Nakope mokayika.

"Dimba lanu likapita, ine ndizikapikula njerwa?"

Miyezi inayi yotsatira inali yosekedwa. Alimi anzake akamuona atakhala pa mzere, pensulo kukamwa, ankakuwa kuti, "Aphunzitsi, mayeso ndi liti?" Iye sukulu anailekeza pulayimale, ndipo manambala ake ankapendekeka ngati mpanda wakale. Masiku ena ankaiwala, n'kudzuka m'mawa akufunsa mwamuna wake kuti dzulo wanjinga uja anamupatsa zingati. Koma ankalemba. Loweruka lililonse ankalembanso kumapeto kwa kope mtengo wa dengu la tomato pamsika, kaya iye wagulitsa kaya ayi.

Tomato atatha, anakhala pakhonde masana ena n'kuwonkhetsa. Zolowa zinali 90 sauzande, ndipo mtima unayamba kuvina. Kenaka anawonkhetsa kumanzere: mbewu, feteleza, mankhwala opopera kasanu ndi kawiri, mitengo yoimikira, aganyu, wanjinga, chiphaso cha pamsika. Zinakwana 84 sauzande, thukuta lake asanaliikepo. Anabwereza katatu, akuganiza kuti pensulo yamunamiza. Miyezi inayi yoweramira pansi inamusiyira 6 sauzande.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinali tsamba linalo. Kumunsi kwa dimba kunali mabedi ochepa a mpiru ndi repu, amene iye ankawayesa ongothandizira pakhomo. Ankathyola kawiri pa mlungu, n'kugulitsa timitolo ta ndalama zochepa zimene zinkathera mchere ndi sopo asanafike kunyumba. Mabedi onyozekawo anadya 15 sauzande n'kubweza 52. Zaka zonsezi mpiru ndi umene unkadyetsa banja, tomato akungodya ndalama ndi kulandira ulemu. Vuto silinali kalimidwe, koma ankabzala nthawi imene aliyense akubzala, n'kukolola msika utafiira mpaka dengu kutsika mtengo ngati la madeya.

Anachita manyazi, koma anamvera kope. Anazula zotsalira za tomato, n'kudzaza dimba ndi masamba, osati tsiku limodzi, koma bedi latsopano milungu iwiri iliyonse, kuti asasowe chothyola. Ndalama anazigawa. Malipiro ake ankatenga Loweruka, ndiwo a mchere ndi sopo. Za lendi ankasunga padera. Zotsala zinali za dimba, ndipo iye mwini akazikhudza ankalemba kuti wabwereka. Mwamuna wake atapempha yogulira machubu a njinga, anamupatsa, n'kulemba.

"Mayi a ana, mpaka ine mwandilemba m'kope?"

"Musadandaule bambo, inenso ndilimo. Taonani, ndili pamwamba panu."

Dzuwa litafika poswa mtengo, thumba la dimba linali ndi 80 sauzande. Apa ndi pamene panavuta. Denga la nyumba linali lodontha, ndipo bambo a m'nyumba ankafuna malata mvula isanagwe. Mtima wa Nakope unkati asunge zonse, adzawaonetse achimwene mulu wa ndalama. Koma kope linkaonetsa kuti ndalama zambiri zikupita kwa aganyu otunga madzi, ndipo ngakhale choncho theka la dimba linkangokhala louma chifukwa kheni siinkafikako. Anagula pampu yopalasa ndi miyendo pamodzi ndi mapaipi ake. Bambo anakhala masiku awiri akuyankha ndi mphuno. Tsiku lachitatu pampu itayamba kulira, anapita okha ndi sipanala ndi girisi, ndipo kuyambira pamenepo sanalole munthu wina kuikonza.

Miyezi yotentha ija masamba a anzake anafota, mitengo inakwera, ndipo Amayi a Sikelo ankafika okha kudimba mbandakucha. Mvula itayandikira Nakope anabzalanso tomato, mizere yochepa chabe kumtunda kosafika madzi osefukira, chifukwa opikula ankati nthawi ya mvula dengu limakwera katatu. Tomato wa dzinja ndi wovuta, amafuna kupopera mvula ikangokata, ndipo mzere umodzi unapserera ndi chiwawu. Yotsalayo inalipira zonse n'kusiya phindu. M'nyumba ankagona atatchera mabeseni anayi, ndipo bambo ankati akafa adzawaike ndi ambulera.

Mvula itatha, m'mawa wina Nakope anapeza zikhomo zinayi zitakhomedwa m'ngodya za dimba. Woumba njerwa anali atayeza kale malo ake. Posakhalitsa achimwene anatulukira, nkhope ili pansi, chifukwa mwana wawo uja anali atayamba sekondale ndipo sukulu inkafuna ndalama.

Nakope anawakhazika pa chidebe chovundikira n'kuwapatsa envelopu.

"Muli 60 sauzande, achimwene. Ndi lendi ya dimba, ndakhala ndikupatula mwezi ndi mwezi."

"Chemwali, uja akupereka 120, lero lomwe."

"Ndikudziwa. Ndikanapanda kugula pampu bwenzi ndakupatsani yoposa pamenepo. Koma iye akupatsani kamodzi, n'kukusiyirani maenje. Ine ndizikupatsani chaka chilichonse, mpaka mwanayo amalize. Musakhulupirire pakamwa panga, pakamwapa mumapadziwa. Werengani umu."

Achimwene anatenga kope. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera. Anaona tsamba la tomato woyamba uja n'kupukusa mutu. Anaona miyezi ya pambuyo pa pampu, mlungu uliwonse uli ndi cholowa, popanda ndi umodzi womwe wodumpha. Nakope anangoima, manja ali kumbuyo. Anali asanaonepo munthu wowerenga mochedwa chonchi.

"Chaka chatsopano cha sukulu chikamadzayamba, ungadzakwanitse theka la lendi ya chaka chamawa?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Onani mwezi umenewo chaka chathachi, ndipo nthawi imeneyo pampu kunalibe."

Anabwerera masamba angapo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatseka kope, n'kulipukuta fumbi ndi malaya awo asanalibweze. Anaimirira, napita kungodya yoyamba, n'kuyamba kugwedeza chikhomo. Chinali chitalowa kwambiri, moti anachita kugwada. Nakope anafuna kuwathandiza, koma iwo anamukaniza ndi dzanja.

"Ndinamulola ndine, ndizula ndekha."

Anazula zonse zinayi, n'kuzikolekera kumbuyo kwa njinga, n'kupita kukazibweza kwa mwini wake. Nakope anakhala pansi pakati pa mabedi a mpiru n'kulira mokweza, mmene amachitira chilichonse, mpaka alimi anzake anathamangira kudzafunsa amene wamwalira.

Lachinayi lake ananyamula dengu la tomato wosankha yekhayekha n'kukalitula pa benchi ya Amayi a Sikelo. Mayiwo anayamba kale kulipeza zifukwa kuti atsitse mtengo.

"Ili si logulitsa amayi, ndi lanu. Dimba latsala."

Amayi a Sikelo, amene alimi onse ankati alibe misozi, anatembenukira kukhoma n'kumakonza matumba amene anali okonzakonza kale. Atatembenuka, anafunsa:

"Mwalilemba?"

"Ndalemba ndisananyamuke. Dengu limodzi, mtengo wa lero, lapita kwa amene anandiombolera munda wa bambo anga."