Nambala Imene Elube Sanatchule

Mukafika ku Kawale n'kufunsa za Elube wa zithunzi, musaganize kuti akulozerani kwa wojambula. Elube sanajambulepo munthu. Ntchito yake ndi yosaka. Wamalonda akaona chinthu chomudolola, kaya ndi nsapato paphazi la mnzake kutchalitchi, kaya ndi nyale paukwati, amachijambula mobisa n'kubwera nacho chithunzicho. Elube ndiye amapeza kumene chinthucho chimapangidwa ku China, ndi amene angachigulitse pamtengo wopikulitsa.

Luso limeneli analitola m'shopu ya Mtchaina wina m'tauni, kumene anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi. Anzake ankangoyang'ana wotchi, iye ankayang'ana zala za bwana pafoni. Shopuyo itatsekedwa, anatuluka ndi nzeru zokhazo. Mwamuna wake, Peterson, anali atapita kale ku Joni, ndipo foni yake inkachepa mawu chaka ndi chaka mpaka inangoti zii. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Pamela, anakwatiwa ku Mzuzu. Elube anatsala m'nyumba ya zipinda ziwiri, mipando inayi, munthu mmodzi.

Tsiku lake linkayamba tambala asanatope kulira, chifukwa kuno kukamacha ku China dzuwa limakhala lili kale pamutu, ndipo pofika masana athu iwo aweruka. Ankatenga chithunzi n'kudula zonse zosafunika, mwendo wa munthu, tebulo, khoma, kuti chitsale chinthu chokhacho. Akachiika m'pulogalamu ya misika yopikulitsa, inkamukhuthulira ogulitsa makumimakumi, ambiri a iwo ali ndi chithunzi chimodzimodzi, poti kumenekonso amaberana zithunzi. Apa ndi pamene pankayambira ntchito yeniyeni. Ankaona kuti wogulitsa wakhala zaka zingati pamsikapo, ngati ndi fakitale kapena ndi wongodutsitsa katundu wa ena, ndiponso kuti amalola kugula zingati pang'ono penipeni. Ankawerenga madandaulo a ogula akale. Kenako ankalembera atatu kapena anayi, foni ikumumasulira, kuwapempha vidiyo ya chinthucho chili m'manja mwa munthu, tepi yoyezera ili pambali. Wokana vidiyo ankamusiya pomwepo.

“Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere,” ankatero kwa makasitomala othamanga magazi. “Chithunzi sichinena kukula kwa chinthu. Kapu ndi ndowa pafoni zimalingana.”

Anthu ankabwera ambiri, koma ankabwera ngati kuchigayo. Munthu wafika, watula zake, watenga zake, wapita. Ena sankafika n'komwe, ankangotumiza chithunzi pa WhatsApp popanda ndi moni yemwe. Elube anali ndi manambala oposa mazana atatu m'foni, koma atadwala malungo chaka china anakatunga yekha madzi akunjenjemera.

Mmodzi yekha ndi amene anali wosiyana. Jemima, mayi a Josiah, ankagulitsa ziwiya zakukhitchini mumsika wa ku Area 23. Ankabwera Lachitatu lililonse masana, tsiku limene malonda amazizira, atanyamula zitumbuwa m'kapepala. Anali mayi wolongolola, woseka mpaka kumenya ntchafu. Zithunzi zinkatenga mphindi khumi, tiyi ndi miseche zinkatenga maola atatu. Anali ndi kapu yakeyake m'nyumbamo, yobiriwira, yobenthuka pamlomo, ndipo akamachoka ankaitsuka yekha n'kuivundikira pawindo. Elube ankasesa kawiri Lachitatu. Kunena zoona, sabata yake yonse inkatsamira pa tsiku limenelo.

Ndiye Lachitatu lina Jemima anati, “Mayi a Pamela, ndagula foni yatsopano. Ndiphunzitseni zosakazi, ndisamakuvutitseni sabata iliyonse. Minibasi nayonso yakwera.”

Elube anaseka, koma mtima unachita myuu. Ankadziwa bwino mmene zimathera. Anaphunzitsapo anthu awiri kale, ndipo onse awiri akakumana naye pamsewu ankangokweza dzanja. Komabe mnzako sungamukanize. Anamusonyeza kudula chithunzi, kuona zaka za wogulitsa, kulemba uthenga. Anamupatsa nambala ya a Gwanda, Mmalawi wokhala ku Guangzhou, amene amalipirira anthu katundu, kumulandira m'nyumba yake yosungiramo, n'kumukweza m'kontena. Jemima anali ndi mutu wogwira, ndipo izi zinamupweteka Elube koposa.

Sabata yotsatira Jemima anafika akuwala nkhope. Paukwati wina ku Likuni anaona mapoto aakulu osunga chakudya chikhale chotentha, aja anthu amati mafuduwoma, oyera, a zigwiriro zagolide. Amayi obwereketsa ziwiya pamaukwati anali atamuuza kale kuti akawapeza agula. Anawajambula, anasaka yekha, ndipo anawapeza pamtengo wotsika modabwitsa.

“Taonani, aphunzitsi. Fakitale, zaka zisanu ndi chimodzi. Amalola kugula kuyambira mapoto sikisite. Ndalakwitsa pati?”

Elube analandira foni. Chithunzi chinali chomwecho ndithu. Wogulitsa anali wabwino. Koma diso lake lozolowera linatsika m'munsi, pamene pamakhala timabokosi tosankhira kukula kwa katundu. Panali masaizi anayi, ndipo mtengo wokongola uja unali wa kakang'ono kwambiri, monga mmene amachitira nthawi zonse pofuna kukopa maso. Kabokosi kamene Jemima anasankha kanali kolembedwa 14 cm. Poto waukwati amafunika kuposa kawiri pamenepo.

Inali nkhani ya mawu atatu basi. Elube anayang'ana nambalayo, anayang'ana kapu yobiriwira ili m'manja mwa mnzake. Mumtima mwake munabwera ganizo lonyansa, ndipo analilandira ngati mlendo: akapsa kamodzi, adzabwerera.

“Mwakhoza,” anatero, n'kubweza foni.

“Sampulo nditumitse kaye?”

“Mmene mukuonera inuyo.”

Jemima sanatumitse sampulo, poti ndege imalipiritsa pa kilo ndipo nyengo ya maukwati inali kuyandikira. Sanapemphe vidiyo. Katundu atafika kwa a Gwanda, iwo anatumiza chithunzi cha makatoni otseka olembedwa dzina lake, monga amachitira ndi aliyense. Elube akanakhala iye akanawauza kuti atsegule imodzi aike tepi. Jemima sankadziwa kuti zimenezo zimachita kupemphedwa.

Katundu wapamadzi amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti afike ku Lilongwe, ndipo miyezi imeneyo Jemima sanabwere. Ankatumiza timauthenga: kontena yanyamuka, sitima yafika padoko, lole ili pamalire. Elube ankayankha ndi kachala kokweza. Lachitatu ankasesabe kawiri, kenako n'kukhala pakhonde kuonerera ana akuweruka kusukulu. Kangapo konse anayamba kulemba kuti, “Mayi a Josiah, pali chimene sindinakuuzeni,” koma ankafufuta. Madzi anali atatayika kale, ndipo iye, Mulungu amukhululukire, ankadikira.

Lachitatu lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anamva kuodira kumene ankakudziwa. Jemima analowa ataonda m'maso, zitumbuwa kudzanja lino, jumbo kudzanja linalo. Anatulutsa kapoto n'kukaika patebulo. Kanali kokongola zedi, koyera, ka zigwiriro zagolide, kofanana ndendende ndi chithunzi chija. Kankakwana m'manja awiri.

“Sikisite, anzanga,” anatero akuyesa kuseka. “Tonse totere. Amayi amaukwati andiseka mpaka misozi. Ati tiziikamo chiyani, mchere? Mpamba wonse wa chaka chino uli m'timiphika ta ana. Wogulitsa ndamulembera, wanditumizira oda yanga yomwe. Palibe chimene analakwa, ndinasankha ndekha.”

Elube anatereka madzi a tiyi kuti apeze poyang'ana.

“Bambo a Josiah sakundilankhula,” anapitiriza Jemima. “Koma ine ndaphunzira. Phukusi la moyo umasunga wekha, inde, koma izi si zanga. Ndinakula mtima. Kuyambira lero ndizibwera ngati kale, Lachitatu lililonse, inu muzisaka. Inu simukanalakwitsa chonchi.”

Chimene Elube ankafuna chinali chitabwera chokha, chitakhala pampando, chikumwa tiyi m'kapu yobiriwira. Anayesa kukondwa koma zinakanika. Analuma chitumbuwa, chinangozungulira m'kamwa. Anaona zaka zikubwerazo, Lachitatu ndi Lachitatu, mayiyu akumuthokoza, akumuuza zakukhosi, iye akumwetulira ndi chinthu chimenechi pamtima. Anazindikira kuti akatero adzakhala yekha kuposa kale, ngakhale mnzakeyo ali pomwepo.

“Mayi a Josiah,” anatero, “nambala ija ndinaiona.”

“Nambala iti?”

“Ya kukula kwa poto. Tsiku lomwe munandionetsa foni. Ndinaona kuti mwasankha kakang'ono, ndipo ndinakhala chete.”

Jemima anaika kapu pansi pang'onopang'ono. “Chifukwa?”

“Ndinkaopa kuti mukadziwa zonse simudzabweranso.”

Panja wogulitsa makala anadutsa akuitanira. Jemima anamuyang'ana Elube nthawi yaitali, osati mwaukali, koma ngati munthu amene watsegula katoni n'kupeza zina.

“Ine zithunzi ndikanatha kumangotumiza pafoni kuyambira kalekale, ngati anzanga onse,” anatero motsitsa mawu. “Mumaganiza kuti ndimakwera minibasi ziwiri chifukwa cha zithunzi? Miyezi iyi ndinatanganidwa ndi kusaka makasitomala a mapotowa. Ndimati akafika, woyamba ndidzakupatseni inu.”

Jemima anaimirira, anapita kukatsuka kapu yake monga mwa masiku onse, anaivundikira pawindo. Anamanga bwino chitenje, n'kunena kuti, “Tsalani bwino, mayi a Pamela.” Kapoto kaja anakasiya patebulo.

M'mawa mwake Elube anasaka mpaka anapeza amayi awiri ogulitsa zinthu za ana asukulu ku Area 25, amene akanatha kugula timapototo kuti ana azinyamuliramo chakudya. Anatumiza manambala awo kwa Jemima. Uthengawo unawerengedwa, ndipo yankho linabwera madzulo, la mawu amodzi: “Zikomo.”

Elube akadali ku Kawale, ndipo ntchito yake ikuyenda. Masiku ano kasitomala aliyense amamuwerengera miyeso mokweza, kawiri, ngakhale wothamanga chotani, mpaka ena amadandaula kuti mayiyu amachulutsa gaga m'diwa. Lachitatu amasesa kawiri. Kapu yobiriwira ili pawindo pomwe paja, ndipo sailola kuti mlendo wina amweremo.

Kapoto kaja amakagwiritsa ntchito. Ndi kabwino, fakitale ija sinaname, chakudya chimakhala chotentha mpaka madzulo. Akaphika mpunga masana amathira mmenemo, ndipo umakwana bwinobwino, wa munthu mmodzi.