Imelo ya Filiji ya Katemera

Mayi Bernadette akhala kalaliki pa kachipatala kathu, kufupi ndi Khombedza, zaka makumi awiri. Kwawo ndi ku Chipoka, ndipo kutaipa anakuphunzira pa makina akale aja ogogoda, ali mtsikana. Magalasi awo ndi omanga ndi ulusi. Salankhula zambiri, koma kalata iliyonse yopita ku likulu la bungwe lathu ku Lilongwe imadutsa m'manja mwawo. Ine Lodwick, namwino wamtima wapachala, ndinkangoti n'kutaya nthawi.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, filiji ya katemera, yoyendera mabatire, inayamba kufooka. Katemera amafuna kuzizira kwa madigiri awiri mpaka asanu ndi atatu, koma yathu masana inkafika pa asanu ndi awiri, ikukwerabe. Ikanapitirira, ana a midzi isanu ndi umodzi akanabwerera osabayidwa.

Ndinali nditawalembera kale maimelo atatu a Mapopa, mkulu wa zipatala zonse za bungwe, osadzera kwa mayi Bernadette. Zii. Ndiye Lolemba ndinapsa mtima n'kulemba kuti iwo amangokhala pa mphepo mu ofesi, sasamala za ana, ndipo katemera akaonongeka mlandu ndi wawo. Ndinaikaponso maina a antchito khumi ndi awiri kuti aone nawo.

Ndisanatumize, mayi Bernadette anawerenga pa kompyuta, kenaka anandifunsa ngati ndikufuna filiji kapena ndewu. Anayamba n'kuchotsa maina aja. Munthu wamkulu ukamuyalutsa pagulu, iwo anatero, amateteza nkhope yake, ntchito n'kuima. Za mphepo ya mu ofesi anafufuta. Mtima unandiwawa, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndinalemba mokoma.

Nditaona choncho ndinati basi tiike malonje ambiri ndi "pepani povutitsa". Anakananso.

"Ayi, achimwene. Bambo aja amawerengera pafoni, ali m'galimoto. Saona kupyola mizere iwiri."

Pamutu analemba kuti: Filiji ya katemera ikufa, tikufuna mmisiri pofika Lachinayi. M'munsi moni wa mzere umodzi, madigiri a masiku asanu apitawo, chiwerengero cha ana, ndi pempho loti atiyankhe tsiku lomwelo ngati tisamutsire katemera ku boma. Ulemu wonse unalimo, koma mawu oti Lachinayi sanawasunthe.

Titatumiza, ola lisanathe foni inalira. A Mapopa anati mmisiri anyamuka m'mawa ndi mabatire atsopano, kenaka anafunsa chifukwa chake sitinanene msanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaswe, koma mayi Bernadette anandiponda phazi.

Foni itadulidwa, anandiuza kuti nditsegule maimelo anga atatu aja. Ndinawerenga manyazi atandigwira. Monse munali malonje, kuthokoza, kufunsa za kunyumba. Filiji ndinaipeza pa mzere wachisanu ndi chinayi, pomwe ndinalemba ndekha kuti "ikuvutako pang'ono".