Alendo a mu Juni Anafika mu Meyi

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo chaka chimenecho ndinali ndisanaphunzire kuugwira. Ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi. Mafakitale m'tauni ankatsekedwa limodzilimodzi, moti aliyense wokhala ndi yunifomu ankaichapa mosamala ngati ya ukwati.

Mu ofesi yathu tinalimo awiri: ine ndi mayi wina wamkulu amene tonse tinkamutchula kuti ba Anti. Iwo anali atataipa makalata zaka zambiri pa fakitale ya nsalu mpaka tsiku limene inatsekedwa. Pa loji pathu anali akadali pa miyezi yoyesedwa, ndipo kunyumba kwawo ku Dambwa anali ndi ana a malemu mng'ono wawo pamwamba pa awo. Ntchito yawo inali kuwerenga mafakisi ochokera kwa otitumizira alendo n'kulemba masiku pa tchati cha zipinda.

Tsiku lina masana, mu Meyi, takisi inaima pakhomo. Munatuluka nkhalamba ziwiri za ku Amereka, bambo ndi mayi, nkhope zitafiira ngati tomato. Anali atadikira galimoto yathu pa boda kuyambira m'mawa, anyani akuzungulira zikwama zawo. Ba Anti anali atatumidwa ku positi, choncho mkwiyo wonse unagwera ine. Bamboyo anamenya tebulo ndi pepala lake. Ndinayang'ana pa tchati: anthuwa tinkawayembekezera pa 5 Juni. Ndinafukula fakisi yawo, ndipo panalembedwa 5/6. Koma pepala la bamboyo linali ndi mwezi m'mawu: Meyi 6. Kwawoko amayamba ndi mwezi, tsiku pambuyo. Anthu a mtundu wanji oika ngolo patsogolo pa ng'ombe!

Chipinda chimene analipira chinali ndi anthu kale. Ndinawaika m'kachipinda ka kuseri, ndikupepesa mpaka pakamwa kuuma.

Amanija anali ku Lusaka. Atamva pafoni sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa. "Ndifika madzulo. Ndipeze lipoti patebulo." Amanija amenewa sankachotsa munthu ndi pakamwa ayi. Ankayamba aitanitsa pepala.

Ndinakhala pansi kuti ndilembe lipotilo. Loyamba ndinalemba kuti ba Anti sasamala ntchito ndipo achititsa manyazi kampani. Nditawerenga ndinamva kukoma, sindinama. Kenako ndinaima, ndinapita pazenera, ndinabwerera, ndinakhala, ndinaimanso. Sasamala? Mayi amene amafika tambala asanatsuke kukhosi? Ndinaling'amba. Lachiwiri ndinalemba kuti tsiku linasokonekera, galimoto sinapite, alendo anakhumudwa, ngati zonse zinachitika zokha. Limenelonso linali bodza lovala jekete. Amanija amadziwa kalembedwe ka aliyense pa tchati. Akanangoona kuti ndikubisa, ndipo akanatiika tonse m'thumba limodzi.

Ba Anti anandipeza ndikutafuna chivindikiro cha cholembera. Nkhani anali ataimva kale pageti, kwa alonda.

"Iwe, ni zoona ufuna kunilemba?"

"Ba manija ndiye afuna lipoti, ba Anti. Sinilemba imwe, nilemba zamene zachitika."

"Ni chimodzimodzi. Pepala siiwala, mwana wanga."

Ndinapsanso mtima. Ndani watukwanidwa lero, ine kapena iwo? Koma ndinameza mawu. Ndinawauza kuti sindipereka chilichonse iwo asanawerenge, ndipo akhale pomwepo andione ndikulemba.

Lachitatu linali lalifupi. Linali m'Chingerezi, koma mfundo zake zinali izi. Alendo awiri afika lero, ife tikuwayembekezera pa 5 Juni. Fakisi inalembedwa 5/6, ndipo ba Anti polemba pa tchati anawerenga monga timawerengera kuno, tsiku poyamba. Otumizawo amayamba ndi mwezi. Alendo adikira pa boda, abwera pa takisi, ndipo ali m'chipinda chocheperapo. Ndawapepesa, ndipo chawo chikhala chopanda munthu mawa. Pakadali pano tilibe njira yotsimikizira masiku. Ndikupempha kuti fakisi iliyonse tiziiyankha mwezi titaulemba m'mawu, otumizawo avomereze tisanalembe pa tchati. Za takisi ndi chipinda ndasiyira inu.

Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Chosako dzina langa."

"Nikachosa, azafunsa. Bwino aione pamodzi na chifukwa chake kusiyana na kuifuna okha."

Maso awo anali pa mzere wa otumiza aja. Mwadzidzidzi anadzuka, mpando n'kugwa. Anatsegula fayilo ya mafakisi n'kuyamba kutembenuza mapepala oterera aja, ena atayamba kale kufufutika. Anatulutsa limodzi. Kampani yomweyo, gulu la anthu asanu ndi mmodzi, 5/7. Pa tchati anali atawalemba mu Julayi.

"Mayo ine," anatero. "Ni mailo."

Mawa lomwelo! Zipinda zitatu, galimoto pa boda, ndipo palibe amene akudziwa. Kunja dzuwa linali litapendeka. Cholakwa chimodzi amanija akanatha kuchimeza. Ziwiri, kwa munthu woyesedwa?

Ndinawaona akuganiza zomwe inenso ndinkaganiza: kufufuta pa tchati mwakachetechete, kuuza dalaivala pambali. Koma zipinda zinali ziwiri zokha zopanda anthu, ndipo wopempha chachitatu ku loji yoyandikana nafe anayenera kukhala amanija. Ba Anti anakoka makina otaipira. Analowetsamo pepala. Anataipa lipoti langa lonse bwinobwino, n'kuwonjezera ndime yawo pansi: nditafufuza mafakisi onse a kampaniyi ndapeza ina imene ndinaiwerenga chimodzimodzi, gulu lifika mawa, pakufunika chipinda china ndi galimoto m'mawa, ndatumiza fakisi yofunsa nthawi. Anatumizadi fakisiyo, kenako tinasaina tonse awiri.

Kudikira ndiye kunandidwalitsa. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu ndinkayesa ndi yawo. Ndinapukuta tebulo loyera kale. Ba Anti anangokhala, chikwama pamiyendo, ngati munthu wodikira basi.

Amanija analowa ndi fumbi la ulendo, natenga pepala osakhala pansi. Anawerenga mpaka pansi, n'kubwerera pamwamba. Anaimbira loji ija, napeza chipinda. Anaitana dalaivala. Kenako anapita kukaonana ndi nkhalamba zija, ife n'kutisiya chiimire. Pobwera anatenganso pepalalo n'kuliika mu fayilo yokhala ndi dzina la ba Anti.

"Za mwezi m'mawu tiyamba lero," anatero. Anayang'ana ba Anti nthawi yaitali ndithu. "Ili ndi chenjezo, amayi. Silidzabwera lachiwiri. Mawa mubwere msanga, mupite ndi dalaivala mukalandire gulu lija nokha."

Ba Anti anawomba m'manja pang'onopang'ono, mawondo atapinda. Titatuluka pageti anayenda patsogolo panga mpaka pokwerera minibasi. Ndinkaopa kuwalankhula, ndipo ndinkadziwa kuti dzina lawo lili mu fayilo muja chifukwa cha dzanja langa. Kondakitala akukuwa za Dambwa, iwo anatembenuka, maso ali ofiira.

"Pamene ninaona pepala yako," anatero, "ninali nayamba kale kuganiza mwana uti azaleka sukulu."