Kalata Imene Inaika Amayi M'manda

Ndinali pa tchuthi cha chaka changa chachiwiri cha ku koleji pamene achemwali anga anabwera kwathu ku Wenya, m'boma la Chitipa, ndi envelopu ya khaki. Iwo ndi namwino komanso mzamba pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, ndipo panthawiyo anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ndi dipuloma yokha. Bungwe lina linali litalengeza kuti lilipirira anamwino ochepa maphunziro a digiri, ndipo tsiku lotseka kulandira makalata linali Lachisanu la sabata yomweyo.

Mu envelopumo munali zonse zofunika: masatifiketi, chiphaso chosonyeza kuti ndi namwino wovomerezeka, kalata ya umboni yochokera kwa mkulu wa chipatala chawo, ndi kalata ya ku ofesi ya zaumoyo pa boma yowalola kukaphunzira. Pamwamba panali kalata yodzifotokoza, imene wopempha amalembamo yekha chimene chinamukokera ku ntchitoyi, zimene wachita kale, ndi zimene adzachite akadzamaliza maphunziro. Kalata imeneyi ndiyo anafuna kuti ndiione ngati Chingerezi chake chinali cholongosoka.

Anandisiyira pakhonde n'kutsikira kudimba kukathyola masamba. Amayi anali pomwepo pamphasa, akusankha nyemba m'lichero.

"Tandiwerengera ndimveko zimene walemba mkulu wakoyo," anatero amayi. Kwathu timayankhula Chitumbuka, koma iwo ankakonda kundimva ndikumasulira m'Chichewa, ati ndimamveka ngati munthu wa pa wailesi. Ndinakhala bwino, ndipo cholakwa changa chinali chakuti sindinayambe ndawerenga kalatayo chamumtima. Ndinkangomasulira chiganizo chimodzichimodzi.

"Ndinabadwira m'banja losauka, m'mudzi wa kutali ndi chipatala."

"Zoona," anatero amayi.

"Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi anga anayamba kudwala matenda a amayi pa nthawi ya mvula. Tinawakweza pa ngolo."

Amayi anasiya kusankha nyemba. Kwathu sikunakhaleko ngolo.

"Tisanafike kuchipatala, mayi anga anamwalira mutu wawo uli pamiyendo panga."

Mawuwo anatuluka onse ndisanazindikire chimene ndinkanena. Ndinabwereza kuwerenga mzerewo m'Chingerezi, poganiza kuti maso andinyenga. Unali momwemo. Pansi pake panali potsimikiza kuti zonse zolembedwazo n'zoona, ndipo achemwali anali atasaina kale.

"Pitiriza," anatero amayi motsitsa mawu. "Anandiika kuti?"

Nthawi yomweyo achemwali anatulukira ndi mpiru m'manja. Atangoona pepala lili m'manja mwanga ndi nkhope ya amayi, anaima chilili.

"Iwe, ndinakuuza kuti uone Chingerezi, osati ulalikire!"

"Bwera kuno, mwana wamasiye," anatero amayi. Kenaka anasiya Chichewa n'kulowa m'Chitumbuka, akudziguguda pamtima. "Ine nili wamoyo! Ndakulakwira chiyani kuti undiphe ndi bolopeni? Malodza amenewa ukundiitanira ine?"

Achemwali anagwada m'mphepete mwa mphasa. Anafotokoza kuti kalatayo anawapatsa ndi mnzawo wa kuntchito, amene anati oweruza a m'tauni salabadira munthu wopanda chisoni chachikulu, ndipo kuti iyeyo anali ataperekako kalata yomweyo kwa anthu ena. Iwo anangosintha dzina la dera ndi zaka.

"Amama, ndi pepala chabe. Amene akaliwerenge sakudziwani."

"Nanga mkulu wa chipatala chako amene wakulembera umboni? Si yemwe amandipima kuthamanga kwa magazi mwezi ndi mwezi? Oweruzawo akamuimbira foni adzati amapima mzukwa?"

Chimene chinandidzidzimutsa ine sichinali bodza lokha ayi, koma kuti linachokera kwa achemwali, munthu amene anandikwapulapo ndili mwana chifukwa chonama kuti ndasamba. Ndinawafunsa mwaulemu chifukwa chimene sanalembere za iwo eni.

"Ndilembe chiyani? Kuti ndimadzuka, ndimapima amayi apakati, ndimabaya katemera, ndimagona? Amene ndikupikisana nawo ndi a m'zipatala zikuluzikulu. Ine ndilibe nkhani."

"Ulibe nkhani?" anatero amayi. "Nanga dzanja lija linauma masiku atatu, ine n'kumakudyetsa ngati khanda?"

Ine nkhani imeneyi sindinkaidziwa, chifukwa inachitika ndili kusukulu. Achemwali anaifotokoza monyinyirika, maso ali pansi. Tsiku lina la dzinja, masana, anali okha m'chipinda chochilira pamene mayi wina anayamba kutaya magazi kwambiri atangobereka. Anamubaya mankhwala othandiza chiberekero kukhwinyata, anamutikita pamimba, anamuika diripi, koma magazi sanaleke. Anaitanitsa ambulansi ku boma, ndipo poidikira anapanikiza chiberekero ndi manja awiri, lina mkati, lina pamimba. Msewu unali matope okhaokha. Sanachotse manjawo mpaka galimoto inafika, ndipo anakwera nayo ali chigwirire mpaka kuchipatala chachikulu. Mayiyo ali moyo. Kuchokera pamenepo achemwali anayamba kuyenda ndi alangizi a zaumoyo m'midzi, kulemba amayi amene mimba zawo zili ndi chiopsezo, ndi kuwalimbikitsa kupita msanga kukadikirira ku chipatala cha boma.

Ndinawayang'ana manja aja, amene anali atagwirabe mpiru.

"Achemwali, zonsezi munazisiya n'kusankha ngolo?"

"Imeneyo ndi ntchito basi. Namwino aliyense akanachita chimodzimodzi."

Tinakhala masiku awiri tikulemba kalata ina. Ine ndinkafuna mawu akuluakulu, iwo ankawafufuta. Anakana kutchula mudzi wa mayi uja, ngakhale mwezi umene zinachitika, ati chinsinsi cha wodwala sichigulitsidwa pofuna sukulu. Analemba zimene anachita, zimene anaona kuti sakuzidziwa, ndi cholinga chawo chodzabwerera ku Chitipa kuti adzaphunzitse ndi kuyang'anira azamba a m'zipatala za kumidzi. Itatha, inali yaifupi kuposa ija, ndipo achemwali anaiwerenga mosakhutira.

"Ilibe misozi," anatero. "Tagwa nayo."

Lachisanu m'mawa anakwera njinga yamoto kupita ku boma kukaitumiza pa intaneti. Amayi sanawatsanzike. Kwa milungu ingapo ankawayankha moni wokha, ndipo atapita kukapimitsa magazi n'kupeza achemwali ali pa ntchito, anapempha kuti awaone namwino wina.

Nditabwerera ku koleji, achemwali anandiimbira foni kuti aitanidwa ku Lilongwe kukafunsidwa mafunso. Anati oweruza anali anayi, mmodzi mwa iwo mzamba wachikulire, ndipo aliyense anali ndi kalata ija patsogolo pake, mizere ina atailemba mzere kunsi. Mzambayo anawauza kuti aimirire ndi kusonyeza mmene anaikira manja. Kenaka anawafunsa mankhwala amene anabaya, mlingo wake, ndi chimene akanachita diripi ikanatha galimoto isanafike. Funso lililonse linachokera m'kalatamo.

"Ndinatuluka thukuta ndi zinthu zimene ndinazichitadi," anatero achemwali. "Tangoganiza akanandifunsa za maliro."

Mayina a opambana atatuluka, lawo linalipo. Anapita okha kukauza amayi, amene anawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinamva kwa achemwali kuti amayi anamvetsera mpaka pamapeto, osaweramuka, kenaka anawapatsa khasu.

"Maliza mzere uwu," anatero. "Ndikakuphere nkhuku."