Mzere wa amayi pabokosi la dayi

Amayi anga, aEsnart, akhala akusankha fodya kwa zaka makumi atatu. Anachoka ku Dedza ndi bambo anga asanabereke n'komwe, nabwera kudzakhala matenanti paesiteti ina kuno ku Mchinji. Bambo atamwalira, mwini esiteti sanawathamangitse, chifukwa cha maso awo. Tsamba lomwe inu ndi ine tingangoti ndi lofiirira, iwo amalitembenuza kamodzi pakhomo la shedi pamene pali kuwala, n'kudziwa mulu wake. Akapitawo akatsutsana za giredi amaitana iwo. Sukulu analekeza sitandade 2. Chizungu sawerenga, ndipo siginecha yawo ndi chala.

Ine ndine Tiyamike, mwana wawo mmodzi yekhayo amene anamaliza folomu 4. Ndimagwira ntchito kuofesi ina yokonza mapepala a katundu paboda. Kuchoka kuntchito kwanga kukafika kuesiteti ndi ola limodzi lokha panjinga yamoto. Ndanena dala zimenezi kuti musandimvere chisoni kutsogoloku.

Chaka chatha ndinapeza mwamuna womanga naye banja, Felix, wa ku Chipata. Akwawo ndi anthu ophunzira, azakhali ake aMillicent anapuma pa unamwino ndipo amayenda ndi tsitsi lowala ngati la pakalendala. Titayamba kukonzekera chinkhoswe, ine mtima unali pa amayi. Ndinkawaona m'maganizo ataima pakati pa anthu amenewo ndi duku lawo lija lomwe silichoka kumutu, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Kunena mosabisa, ndinkachita nawo manyazi.

Ndiye ndinalamula. Ndinawaimbira pafoni ya aTereza, aneba awo, n'kunena kuti patsikulo sipakhala duku, aliyense wa kuchikazi akonzetsa tsitsi. Amayi anati, "Tiya, tsitsi langa n'lakale." Ine ndinati zimenezo andisiyire.

Ndinawolokera ku Chipata n'kugula bokosi la dayi wamtundu wa vinyo, uja atsikana amati begande. Pambali pa bokosilo panali tizithunzi m'mizere itatu. Kumanzere kunali tsitsi mmene lilili usanapake, kumanja mmene lidzaonekere ukatsuka. Mzere wapamwamba unali wa tsitsi lakuda bii, ndipo zotsatira zake zinali zaulemu, lakudabe koma longofiirira pang'ono dzuwa likawomba. Wapakati unali wofiirirako. Wapansi, wa tsitsi loyererako, unathera pa kufiira koopsa. Ndinangoti umenewo ndi wa azungu. Ndinatenga bolopeni, n'kuzunguliza mzere wapamwamba, n'kulemba kuti "chonchi". Bokosilo ndinapatsira aTereza titakumana kumsika wa paboma, kuti akawapake kutatsala masiku awiri.

M'mawa wa chinkhoswe tinali m'chipinda chovalira kuseri kwa holo paboma. Munali ine, asuweni anga awiri, ndi aMillicent amene anabwera kudzandithandiza kuvala. Amayi analowa ndi aTereza, atavala diresi yomwe ndinawasoketsa, koma kumutu kuli duku.

"Amayi, tinagwirizana chiyani?" ndinatero.

Anamasula dukulo pang'onopang'ono, n'kulipinda bwinobwino.

Mutu wonse unali psuu! Osati vinyo ayi, koma phwetekere wakupsa, mwina n'kupitirira. Pamphumi panali potuwirako ngati pinki. Msuweni wanga mmodzi anatuluka atagwira pakamwa, ndinamumva akuphulikira panja.

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo unatuluka wonse. Ndinakalipira aTereza kuti anasakaniza molakwika. Iwo anati anatsata zonse, botolo ndi chubu za m'bokosimo pamodzi, mphindi makumi atatu pawotchi ya foni. Ndiye ndinatembenukira kwa amayi.

"Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani! Kodi simungandichitire chinthu chimodzi osandichititsa manyazi?"

Mawuwo anatuluka pamaso pa mlendo. AMillicent anayandikira, napempha kaye ndi maso, n'kupatula tsitsi la amayi ndi zala kufikira pakhungu. Kenaka anandiyang'ana.

"Mwana wanga, dayi sanalakwe uyu. Pa tsitsi lakuda amabisala, koma pa imvi palibe chomuphimba, amatuluka yense. Amamawa mutu wonse ndi imvi. Sunadziwe?"

Sindinadziwe. Ndinaima pamenepo ndi nsidze zanga zojambula, kuyesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinaona mutu wa amayi anga opanda duku. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pakumeta kwa maliro a bambo, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kuyambira pamenepo ndinkapita kuesiteti ndi shuga ndi sopo, n'kukhala pampando maola awiri maso ali pafoni, wanjinga akudikira panja. Sindinagoneko ngakhale usiku umodzi kuti ndiwaone akuvula duku.

Amayi anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kachidutswa ka bokosi lija. Anali atadula mbali ya tizithunziyo n'kuisunga. Anapita nako pazenera, mmene amachitira ndi tsamba la fodya.

"Ine ndinaona, Tiya," anatero mosakweza mawu. "Ndinathothola tsitsi langa n'kuliika apa. Pamwambapa silinafanane. Apa ayi. Linayandikira apa pansipa, koma langa n'loyera kuposa apa. Ndinawauza aTereza kuti tikapaka lifiira kupambana ichi."

"Anandiuzadi," anatero aTereza. "Ndinati tiimbe foni, anakana."

"Nanga munapakiranji?" ndinafunsa.

"Unali utazunguliza kale. Ndinati ndikakuuza kuti mzere wanga palibe, uvutika kufuna zina, nthawi yatha. Ndiponso ndinati mwina mayi amene ukumufuna pachinkhoswe chako ndi wapamwambayu. Ndinati ndiyese, kapena ndingafanane naye."

AMillicent anayamba kukonza ndolo zomwe zinali zokonzeka kale.

Ndinati ndituma munthu akagule dayi wakuda, m'mphindi makumi atatu aphimba zonse. AMillicent anati khungu lapamutu lafiira kale ndi mankhwala a dzana, kuwonjezera ena lero n'kufuna zilonda. Amayi anangotambasula duku lawo, n'kumanga mmene amamangira masiku onse, mfundo kumbuyo. Anavina pachinkhoswe, anaponya ndalama m'lichero, analandira alendo mwaulemu. Akuchimuna anawakonda. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za duku.

Patapita sabata ndinapita kuesiteti nditanyamula bokosi la dayi wakuda. Wanjinga ndinamuuza kuti abwere mawa lake. Amayi analitembenuza bokosilo, nayang'ana tizithunzi take, n'kundibwezera.

"Apanso ine palibe. Tsitsili lisiye likule."

Likukuladi. Pano kumizu kwatuluka zoyera zotalika ngati chala, kunsonga kwasuluka kwakhala ngati njerwa. Loweruka lililonse ndikapita amandipatsa chipeso, n'kukhala pamkeka, ine pampando kumbuyo kwawo. Sitikambapo za chinkhoswe. Koma kachidutswa kaja sanakataye. Anakapana pagalasi lawo laling'ono lapakhoma, pamene ndimakaona ndikadzutsa mutu popesa, mzere wapamwamba uli wozungulizidwa ndi bolopeni yanga, pambali pali mawu a dzanja langa akuti "chonchi".